Chingwe cha tchaja chikugwira pokhapokha ndikachipinda: chafa ndi kamutu kapena waya?

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndithandizeniko nzeru. Chingwe changa cha tchaja chayamba makani. Ndikangochilowetsa m'foni sichitchaja, koma ndikachipindira kumanzere n'kutsamiritsa foni pa chitini cha shuga, chimayamba. Mwana akangogunda tebulo, basi chasiya. Mphwanga akuti akhoza kudula n'kulumikizapo kamutu ka chingwe china, koma ine sindikufuna tidule tisanadziwe pamene pali matenda. Ndiye chafa ndi kamutu kolowa m'foni kaja kapena ndi waya? Foni yake ndi ya taipu C, kumapeto kwinako kuli USB yaikulu ija.

Yamikani: Mayi, chingwecho musachinamizire. Limenelo ndi fumbi lili m'kabowo ka foni. Ndi mmene kwaumira kuno, foni ikumakhala m'thumba tsiku lonse, tiulusi ta nsalu timadzadza mmenemo. Tengani singano mutokose, muona zotulukazo.

Bambo Mbewe: Kodi si magetsi amenewa? Kwathu ku Chilomoni akabwera ofooka madzulo, babu limachita kufiira, foni nayo osadzadza. Yesani kutchaja pakati pa usiku anthu atazimitsa makuka.

Mayi a Tadala: Ayi bambo, magetsi alipo bwinobwino, foni ya bambo a kunyumba ikutchaja pa soketi yomweyo. Yangayi ndiye imafuna kuipinda.

Mada wa ku Limbe: Singano ayi, Yamikani, chonde. Pakati pa kabowo ka taipu C pali kalilime kopyapyala, ndipo tizitsulo tonse timene timalandira moto tili pa kalilime kameneko, pamwamba ndi pansi. Singano imakanda kapena kutukula tizitsuloto, mwinanso kugunditsa tiwiri timene sitiyenera kugundana. Mafoni otere amabwera pa benchi panga mwini wake akuti "ndimangochotsa fumbi." Za fumbizo sukunama, tifikako, koma tiyambe ndi funso la mayiwa.

Mayi, mukamapinda chingwe muja mukusuntha zinthu zitatu nthawi imodzi: waya ukupindika, kamutu kakupendekeka, ndipo kabowo ka foni nako kakukankhidwa. Foni ikayamba kutchaja simungadziwe kuti chathandiza ndi chiti mwa zitatuzi. Ntchito yonse yagona pa kusuntha chimodzi zinazo zili phee. Muli ndi pawabanki?

Mayi a Tadala: Ilipo ya mphwangayo. Koma bwanji osangoyesa pakhoma?

Mada wa ku Limbe: Chifukwa pakhoma pamabwera wokayikiridwa wachinayi. Masoketi athu ndi a mabowo atatu, koma matchaja ambiri amene timagula ndi a timiyendo tiwiri tozungulira, aja timachita kutsegulira ndi chivindikiro cha bolopeni. Tchaja yotero imakhala ikugwedera, ndiye mukakoka chingwe pang'ono, moto ukudukira kukhoma inu mukuyang'ana kufoni. Pawabanki imagona patebulo, siigwedezeka.

Chitani chonchi. Goneketsani foni chagada patebulo, muichotse chikavala chake, chifukwa makavala ena amatchinga kamutu kuti kasalowe mpaka kumapeto. Kwezani voliyumu kuti muzimva kakulira kaja kamene imalira ikayamba kutchaja. Lowetsani kamutu, ndipo ndi chala chachikulu cha dzanja lamanzere mukapanikize pamodzi ndi foni kuti kasasunthe ngakhale pang'ono. Ndi dzanja lamanja gwirani waya pamene wangotuluka m'kamutu, pakhosi paja, muupinde pang'onopang'ono kumanzere, kumanja, m'mwamba, pansi. Mbali iliyonse muziimapo masekondi atatu kapena anayi, chifukwa foni siiyankha nthawi yomweyo. Anthu ambiri amagwedeza mwachangu n'kudutsa pamalo penipeni osazindikira.

Ikamalira ndi kusiya pamene kamutu kali chiimire, waya waduka mkati. Ikapanda kusintha, sunthani zala zanu pang'ono kutsika ndi waya, mupindenso, mpaka mukafike kumapeto kwinako. Kumenekonso kuli khosi, musakuiwale.

Esnart: Ine yanga ndi ya pini yakale ija, maikulo. Imatchaja bwino koma kamutu kamangosololoka kokha, ngakhale foni ingonjenjemera kuti kwabwera uthenga. Ndi matenda omwewa?

Mada wa ku Limbe: Anu ndi ena, achemwali, ndipo ndi osavuta kuwaona. Tembenuzani kamutu ka maikulo muone mbali yophwatalala ija. Pali timano tiwiri tating'ono totuluka pamwamba pa chitsulo. Timeneto ndi timene timakola mkati mwa foni. Yendetsanipo chikhadabo: mukapanda kumva kukola, tagona, kamutuko katha. Anachita dala kuika timanoto pa chingwe osati m'foni, kuti chizitha ndi chinthu chotchipa. Waya wanu ukhoza kukhala wabwinobwino.

Esnart: Ndayang'ana, kamodzi kalipo, kanzake kanalowa mkati. Ndiye basi ndikagule china?

Yamikani: Timano timeneto timatukuka ndi nsonga ya pini, sisi. Ine ndinapangapo, chinagwira.

Mada wa ku Limbe: Pa chingwe chosalumikiza kumoto, yesani, palibe chimene muluze. Koma chitsulo chikafooka chimagonanso posachedwa. Ndi zongokufikitsani kumapeto a mwezi.

Mayi a Tadala: Ndayesa zija, a Mada. Ndapanikiza kamutu zolimba, dzanja mpaka kuwawa. Ndikapinda waya pakhosi penipeni kumanzere, ikulira. Ndikausiya uwongoke, ikusiya. Kumanja palibe chikuchitika. Ndatsika ndi waya wonse mpaka ku pawabanki, kulibe kusintha. Ndi pakhosi pokhapo basi.

Mada wa ku Limbe: Mwaupeza ndithu. Tsopano zulani chingwecho, mupagwire pamalopo ndi zala ziwiri, mupafinye n'kupayerekeza ndi pakati pa waya. Pamamveka pofewa, ngati mkati mulibe kanthu, kapena pamakhala potupa pang'ono, mwina pamakwinya. Mukapinda pamathyoka ngodya m'malo mopindika mozungulira.

Chimene chimachitika mkatimo ndi ichi. M'chingwe cha mtundu wanuwo mumakhala mawaya anayi, awiri a moto ndi awiri a deta. Waya uliwonse si chitsulo chimodzi ayi, ndi timaulusi ta kopa tambirimbiri topotedwa pamodzi. Pakhosi ndi pamene pulasitiki yolimba ya kamutu imakumana ndi waya wofewa, ndiye kupindika konse kumathera pamenepo. Timaulusito timaduka kamodzikamodzi, chikopa chakunja chili bwinobwino. Tikatha tonse, nsonga ziwiri zodukazo zimakhala zayang'anizana mkati mwa chikopa. Mukapindira kumanzere zikugundana, mukawongola zikutalikirana. N'chifukwa chake chikugwira mbali imodzi yokha.

Mayi a Tadala: Eeh, palidi pofewa, komanso pakuoneka poyererako kusiyana ndi kwina. Ndiye kuti kamutu kalibe mlandu?

Mada wa ku Limbe: Tisafulumire. Mwapeza kuti waya ndi woduka, koma simunaone ngati kamutu ndi foni zili bwino. Matenda awiri amatha kukhalira limodzi, makamaka chingwe chikakhala kuti chakhala chikutsamiritsidwa pa chitini kwa nthawi. Tsopano tembenuzani mayeso aja. Pindani waya mmene umagwirira muja, muumatire kumbali ya kamutu ndi selotepi kuti pakhosi pasasunthe, ikhale ikutchaja. Mukatero gwirani thupi la kamutu lokha, mulipendeketse pang'ono kwambiri m'mwamba, pansi, kenako mulikankhire mkati. Osakakamiza, mphamvu yake ikhale yongokhudza.

Tiyamike: Ndilowererepo pang'ono. Njira yachidule ndi mita, kachipangizo koyezera magetsi m'mawaya. Pa USB yaikulu ija pali tizitsulo tinayi, tiwiri ta m'mphepete ndi ta moto, tiwiri ta pakati ndi ta deta. Muitchera mita kuti izilira moto ukadutsa, nsonga ina pa kachitsulo ka m'mphepete, ina kumapeto kwinako. Ikalira ndiye kuti waya ndi wamoyo. Kusukulu timapanga choncho, sizifuna kugwedeza zinthu.

Mada wa ku Limbe: Za tizitsulozo wanena zoona, mphwanga. Koma pali ziwiri. Choyamba, nsonga ya mita siilowa m'kamutu ka taipu C, muli tizitsulo tothinana kwambiri. Ife timachita kuzula kabowo pa bodi ya foni yakufa, n'kuwotchererapo mawaya, kuti tizilowetsamo chingwe n'kuyeza kunja. Chachiwiri, mita imatumiza moto wochepetsetsa, moti ngakhale katatsala kaulusi kamodzi kokha imalira mosangalala. Foni ikafuna maampu awiri kudzera pa kaulusi komweko, mavoti 5 a tchaja amagwa, foni n'kukana. Ndiye chingwe chikhoza kukhoza mayeso a mita n'kulephera pa foni. Ngakhale uli ndi mita, uyenerabe kupinda waya ukuyeza.

Tiyamike: Za kaulusi kamodzizo ndamva. Koma mita yabwino ikhoza kuonetsa kuti maomu, muyezo wa mmene waya ukukanizira moto, akwera.

Mada wa ku Limbe: Chingwe chabwino sichifika ngakhale omu imodzi, ndipo mawaya a mita yotchipa paokha amawerenga pafupifupi chomwecho. Kusiyanako kumabisala. Koma tisawasokoneze mayiwa, mita alibe.

Bambo Mbewe: Ine funso langa ndi lakuti, ngati chikugwira akachipinda, vuto lili pati? Achimange ndi labala chikhale chopindika chomwecho mpaka kalekale. Ndalama zikuvuta izi, sitingamataye chinthu choti chikugwirabe ntchito.

Mada wa ku Limbe: Madala, za ndalamazo palibe angatsutse. Koma taonani chimene chikuchitika pamalo odukawo. Moto wonse ukudutsa pa nsonga zongokhudzana, ndiye pamatentha. Mayi akhoza kuyesa okha: ikatchaja kwa mphindi khumi, akhudze pakhosipo ndi kuseri kwa chala, ayerekeze ndi waya wonse. Kutenthako kumafewetsa tizikopa ta mkati timene timalekanitsa waya wa moto ndi unzake. Zingwe zosungunuka pakhosi ndaziona, zina zitadetsa ndi kabowo ka foni komwe. Choopsa kwambiri ndi kuchisiya usiku pa matilesi kapena pansi pa pilo.

China ndi foni yeniyeniyo. Kabowo kaja kanangowotcheredwa pa bodi ndi timiyendo tating'ono. Kutsamiritsa foni kuti chingwe chikhale chokhota ndi kukankha kabowoko usiku wonse. Lero vuto ndi chingwe, mawa mudzamva wokonza akuti "tchajing'i sisitemu yafa," ndipo mtengo wake ndi wa zingwe zingapo, kuphatikizapo ya minibasi.

Bambo Mbewe: Chabwino, za kutenthazo ndiye sindimazidziwa. Koma changa cha wailesi ndinachimanga ndipo chikugwirabe.

Mayi a Tadala: Ndabweranso. Ndamata selotepi monga munanenera. M'mwamba ndi pansi sikusintha, ikutchajabe. Koma ndaona chinthu china. Kamutu sikakulowa konse, pakutsala kampata, chitsulo chikuoneka pang'ono. Pa foni ya bambo a kunyumba kakulowa mpaka kumveka kuti "thwa," pa yanga kakungolowa fwaa, osamveka kanthu. Ndikakakoka pang'ono kakutuluka mosavuta.

Yamikani: Ndinanena ine! Fumbi limenelo. Mundipatse ulemu wanga pagulu pano.

Mada wa ku Limbe: Tenga theka la ulemuwo, aise, theka linalo ndi la waya. Mayi, mwachita bwino kuyesa pa foni ina, chifukwa mwayankha nokha funso lanu. Kamutu kakukola bwino pa foni ya bambo, ndiye kuti timasipuling'i take ta mkati tili moyo. Pa taipu C zogwira zili mkati mwa kamutu, zimakola m'mbali mwa kalilime ka foni, ndipo zimakola pokhapokha kamutu kakafika kumapeto. Kwanuko sikakufika chifukwa pansi pa kabowo pali zinyalala. Nthawi iliyonse mukalowetsa tchaja mumazisindikiza, mpaka zimauma gwa, moti mukaunika ndi tochi mumayesa ndi pansi penipeni.

Zimitsani foni kaye. Tengani kamtengo kotokosera m'mano, mukasongole ndi lezala kakhale kopyapyala, chifukwa mmene kamabwerera kamakhala konenepa, kakhoza kukankha kalilime. Kalowetseni m'mphepete, mutsate khoma la kabowo mpaka pansi, muzikokera zinyalala kumakona n'kuzitulutsa. Kalilime ka pakati musakatsamire. Osathiramo madzi, mafuta kapena pefyumu. Mukamaliza unikaninso: mukaona zobiriwira kapena zakuda pa tizitsulo, limenelo si fumbi, ndi dzimbiri la chinyontho, pamenepo mpofunika wokonza.

Chisomo: Pepani ndalowa mochedwa, sindinawerenge zonse. Ngati batire ikutha msanga, chotsani maapu amene simugwiritsa ntchito, komanso muzizimitsa deta usiku.

Esnart: Achimwene, tawerengani kaye pamwambapo, nkhani ndi ya chingwe.

Chisomo: Ohoo, pepani. Koma poti tili pomwepo, changa chimachita zina. Ndikachigwedeza sichisiya kutchaja, koma pa sikirini mawu amasintha, pena `Fast charging` pena `Charging` basi. Ndipo pa laputopu foni ikuoneka n'kusowa.

Mada wa ku Limbe: Limenelo ndi funso labwino kuposa malangizo aja. Kwanuko mawaya a moto akadali bwino, amene akuduka ndi a deta, omwenso amakhala owonda kwambiri. Pa matchaja ambiri a USB yaikulu, foni ndi tchaja zimagwirizana za kutchaja mwachangu kudzera pa mawaya a deta amenewo. Akaduka, foni imabwerera ku mavoti 5 wamba. Mayeso ake ndi omwe aja, koma yesani pa laputopu, chifukwa imalira nthawi iliyonse foni ikasowa ndi kubwerera, ndiye malo odukawo mumawapeza msanga.

Tiyamike: A Mada, nanga zotembenuza kamutu bwanji? Ndinamva kuti taipu C ikamagwira mbali imodzi yokha ndiye kuti chingwe chafa.

Mada wa ku Limbe: Ine ndimaziona mosiyana. Ukatembenuza, tizitsulo ta kamutu ndi tomwe tija, chimene chasintha ndi tizitsulo ta foni timene takumana nato. M'kamutu muli kachitsulo kamodzi kamene kamauza foni kuti kwabwera tchaja, pamene m'foni muli tiwiri, kena pamwamba pa kalilime kena pansi. Ndiye ikamatchaja mbali ina n'kukana mbali inayo, ndimayamba kukayikira foni, kuti kamodzi mwa tiwirito kada kapena kafa. Ndimatsimikiza ndi chingwe china: nacho chikasankha mbali, nkhani yatha. Koma kamutu kopondedwa kapena kokhota kakhozanso kuchita zomwezo, ndiye si lamulo.

Tiyamike: Ine ndinaonapo chingwe chosankha mbali pa mafoni awiri osiyana, ndipo sichinali chokhota.

Mada wa ku Limbe: Zikhoza kutheka, zingwe zina mkati mwake anazimanga mwachidule. Ukadzachipezanso ubwere nacho tidzaching'ambe.

Mayi a Tadala: Abale inu, zimene zatuluka m'foni mwangamu! Kampira ka tiulusi totuwa, kolimba, ndi kanjere ka mchenga. Tsopano kamutu kakulowa mpaka kumveka kuti "thwa," kampata kaja kulibe. Ndabwereka chingwe cha bambo a kunyumba, chikutchaja chili chowongoka, mbali zonse ziwiri, ngakhale ndiinyamule foni. Changa chija ndachotsa selotepi, chikufunabe kupinda. Ndiye funso latsala ndi la mphwanga uja: adule alumikize?

Yamikani: Adule basi. Wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, tepi pamwamba. Ntchito ya mphindi zisanu.

Mada wa ku Limbe: Poti paduka ndi pakhosi penipeni, kamutu kanuko ngakhale kali bwino sikangapulumuke, chifukwa palibe waya wotsala woti n'kulumikizapo, ndipo pulasitiki yake anaiumba pamodzi, siitseguka. Chimene mphwanuyo angachite ndi kudula chingwe chanu patali ndi khosi, n'kubweretsa theka la chingwe china chimene chinafera mbali ya USB yaikulu. Zimatheka, koma asadalire mitundu. Nthawi zambiri wofiira ndi wa mavoti 5, wakuda ndi wobwerera, woyera ndi wobiriwira ndi a deta, koma m'zingwe zotchipa ndapezamo mitundu ina, pena mawaya awiri okha. Akasemphanitsa a moto, foni ikhoza kupsa. Ayeze ndi mita asanalowetse m'foni. Theka lobweralo lichokenso ku chingwe cha mtundu womwewo, cha USB yaikulu ndi taipu C, chifukwa m'kamutu kake muli kachipangizo kakang'ono kotchedwa lezisita kamene ka chingwe cha taipu C mbali zonse kalibe. Komanso zongopota ndi manja sizikhalitsa, pamafunika kuwotcherera, mfundo iliyonse n'kuikulunga payokha.

Akasenda n'kupeza timaulusi toyera mkati tikakandidwa, tothyoka msanga ndiponso tokana mtovu, ameneyo ndi aluminiyamu wopakidwa kopa. Chimenecho angochitaya.

Mayi a Tadala: Mita alibe, chowotcherera alibenso. Ndingogula china ndikapita ku Limbe kukaoda katundu. Ndiyang'ane chiyani kuti ndisagulenso chofa msanga?

Mada wa ku Limbe: Yang'anani khosi. Likhale lalitali ndi lofewa, loti mukapinda lizipindika pang'onopang'ono limodzi ndi waya, osati pulasitiki yolimba yothera mwadzidzidzi. Kunenepa kwa chingwe kusakunamizeni, zina ndi chikopa chokhachokha. Muyesere pomwepo pa foni yanu: chimveke kukola, ndipo muchipinde pakhosi mbali zonse wogulitsa akuona. Ngati simukufuna chachitali, tengani cha mita imodzi, chifukwa chachitali chikakhala chowonda mkati chimatchaja mochedwa.

Yamikani: Mukagula muvekepo sipuling'i ya bolopeni pakhosi, sichidukanso.

Esnart: Ine ndinavekapo, chinadzadukira pamene sipuling'iyo yathera.

Mada wa ku Limbe: Zonse ziwiri ndaziona, sindingaweruze. Chimene ndikudziwa ndi chakuti zingwe zambiri zoduka pakhosi eni ake amazula pokoka waya m'malo mogwira kamutu, kapena amacheza pa foni ili pa tchaja atagona, foni itatsamira pamimba, khosi litapindika. Mayi, inu mumatchaja bwanji?

Mayi a Tadala: Soketi ili kuseri kwa kabati, ndiye foni imakhala pamwamba, chingwe chikulendewera m'mphepete. Ndiyambe kuiika pa mpando pansi?

Mada wa ku Limbe: Pa mpando pomwepo, waya uzituluka mowongoka. Chakalecho muchidule pakati musanachitaye, ana angachitole n'kumatchajira.

Bambo Mbewe: Musataye mayi, mundisungire. Theka la USB yaikululo ndi labwino, ndikufuna ndilumikizire katochi kanga ka kukhitchini.